Laputopu ndi yatsopano koma FC 25 ikukana: yankho kwa msuweni wa ku Joni

"Asuweni, ndithandizeni. Loweruka lapitali ndinagula laputopu yatsopano m'shopu ina kuno ku Joni. Pabokosi palembedwa Intel Core i3-1215U, 8GB RAM, 256GB SSD, Windows 11. Wogulitsa ndinamuuza kuti ndikufuna yophunzirira komanso yoseweretsa gemu ya mpira ya FC 25, iye anati palibe vuto. Gemuyo ndinagula pa Steam, ndipo kudawuniloda kwanditengera masiku awiri. Ndikaitsegula sikirini imangoda, kenako imatsekeka yokha. Kamodzi inafika posankha matimu, koma mpira utati uyambe inauma. Kodi andigulitsa yakufa? Nditani?"

Msuweni, mtima m'malo. Zizindikiro zimene wafotokozazi si za makina akufa, ndipo palibe chimene unaononga poika gemuyo. Nambala yolembedwa pabokosiyo ikundiuza kale kumene vuto lagona: laputopu yakoyo anaipangira sukulu ndi ntchito za mu ofesi, ndipo chipangizo chake chojambula zithunzi, chomwe timachitcha galafikisi, chili pansi pa chimene gemuyi imafuna. Ndikufotokozera bwinobwino, ndipo ndikuonetsa mmene ungatsimikizire wekha. Koma tiyambe ndi zinthu ziwiri zimene nthawi yake ikutha iwe uli mkati moyesayesa.

Choyamba, siya kutsegula gemuyo mobwerezabwereza. Steam, shopu ya magemu ya pa intaneti ija, imabweza ndalama ngati sipanathe masiku 14 chigulire, komanso ngati nthawi imene waseweretsa gemu sinakwane maola awiri. Nthawiyo amaiwerenga kuyambira pamene wadina Play mpaka gemu itatsekekeratu, ndiye mphindi zonse zimene umayang'ana sikirini yakudayo zimalowa m'kaundula ngati kuti umasewera. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi zina gemu imachoka pa sikirini koma ikugwirabe ntchito mobisika, wotchi n'kumayendabe iwe uli kukhitchini. Lowa mu Library, dina dzina la gemuyo, uone pamene palembedwa Play Time. Ngati mphindi zapitirira 90, usaitsegulenso mpaka utamaliza kuwerenga uthenga uno.

Chachiwiri ndi laputopuyo. Sunga lisiti, bokosi, mapepala ndi timapulasitiki tonse, usamatule chomata chilichonse, ndipo usamasule sikuluu ngakhale imodzi. Za lamulo la kumeneko ndikamba m'munsimu, koma dziwiratu kuti masiku ake ndi owerengeka.

Tsopano chifukwa chake. Anthu ambiri akamagula kompyuta amafunsa zinthu zitatu: purosesa ndi iti, RAM ndi yochuluka bwanji, malo osungira zinthu ndi aakulu bwanji. Ndi zitatu zomwezi zimene amalemba ndi zilembo zazikulu pabokosi. Chachinayi, chomwe pa magemu n'chimene chimalamula, sachilemba moonekera ngati palibe chodzitamandira nacho. Gemu ngati FC 25 imajambula bwalo, kapinga, osewera 22, mithunzi yawo ndi khamu la ochemerera kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo kuti mpira uyende mosalala pamafunika zithunzi 60 pa sekondi. Ntchito imeneyi purosesa saigwira yokha, imaipereka kwa galafikisi.

Galafikisi ilipo ya mitundu iwiri. Ina imakhala mkati mwa purosesa momwemo, ilibe memore yakeyake, imabwereka ku RAM. Yakoyo ndi ya mtundu umenewu, dzina lake ndi Intel UHD Graphics. Ina ndi khadi loima palokha, lokhala ndi memore yake, magetsi ake ndi choziziritsira chake. Kampani ya EA, yomwe inapanga FC 25, inalemba kuti gemuyi, pa mlingo wotsikitsitsa, imafuna khadi la Nvidia GTX 1050 Ti kapena AMD RX 570, purosesa ya Intel Core i5-6600K kapena AMD Ryzen 5 1600, RAM ya 8GB ndi malo okwana 100GB. Mawu akuti mlingo wotsikitsitsa uwamvetse bwino: apa m'pamene gemu imangoyamba kuyenda, zokongoletsa zonse zitatsitsidwa. Kuti iyende bwino amalangiza GTX 1660 kapena RX 5600 XT, ndi RAM ya 12GB.

Ndikudziwa chimene ungandiyankhe. GTX 1050 Ti inatuluka mu 2016, pamene purosesa yako ndi ya 2022, ndiye zitheka bwanji chakale kupambana chatsopano? Kagalimoto kakang'ono kongotuluka kumene kufakitale sikanganyamule matumba a chimanga amene lole ya zaka khumi imanyamula tsiku ndi tsiku, chifukwa anazipangira ntchito zosiyana. Khadi la 2016 lija limadya mawati 75 lokha, ntchito yake ili imodzi, kujambula. Purosesa yako, pamodzi ndi galafikisi yomwe ili mkati mwake, anaikonza kuti izigwira ntchito pa mawati 15, n'cholinga choti batire lizikhalitsa ndipo laputopu isamatenthe. Chilembo cha U chakumapeto kwa 1215U chimatanthauza zomwezo, kuti ndi yosunga magetsi.

Pa purosesa payokha sindikudandaulapo kwambiri, ili ndi mitima isanu ndi umodzi ndipo pa ntchito zambiri ingalimbane ndi i5 yakale ija. Pamene pavuta ndi pa memore, ndipo masamu ake ndi osavuta. Kompyuta ya mlingo wotsikitsitsa ija ili ndi RAM ya 8GB kuphatikizapo 4GB ina imene ili pa khadi, zonse pamodzi 12GB. Iwe uli ndi 8GB basi yoti igwire ntchito zonse ziwiri. Pa 8GB imeneyo, Windows 11 imatengapo 3GB kapena kuposerapo usanatsegule kanthu. Steam itengepo yake, pulogalamu ya EA app yomwe imatseguka limodzi ndi gemu itengeponso yake, ndipo yotsalayo gemu ndi galafikisi azilimbirana. Posankha matimu pamakhala zojambula zochepa, n'chifukwa chake tsiku lija unafikapo. Mpira ukati uyambe, gemu imakoka bwalo lonse, nkhope za osewera ndi mayunifolomu kuti zilowe mu memore nthawi imodzi. Malo akasowa, imauma kapena kutsekeka.

Palinso liwiro. Memore ya pa GTX 1050 Ti imadutsitsa magigabaiti 112 pa sekondi. RAM imodzi ya DDR4-3200, yomwe malaputopu ambiri a mtengo umenewu amabwera nayo, imadutsitsa magigabaiti 25.6 pa sekondi, ndipo njira yomweyo purosesa ikudzeranso momwemo. Choncho ngakhale gemu itavomera kutseguka, zithunzi zimabwera modukizaduka, ukadina batani lopatsira mpira wosewera amayankha mochedwa.

Usangokhulupirira mawu anga, ona wekha, zimatenga mphindi ziwiri. Dina batani la Windows pamodzi ndi R, kabokosi kakatseguka ulembe izi ndi kudina Enter:

```
dxdiag
```

Pamwamba pa zenera limene litseguke pali timitu tingapo. Pita pa Display. Kumanzere, pa mzere wa Name, pakhala dzina la galafikisi yako. Pansi pake pali mizere itatu imene imasokoneza anthu ambiri. Wa Approx. Total Memory ukuonetsa nambala ya pafupifupi 4000 MB, ndipo munthu akaona zimenezi amati, "Nanga si 4GB ija ndi imeneyi?" Ayi ndithu. Mzere woona ndi wa Display Memory (VRAM), ndipo pa laputopu ngati yako pamakhala 128 MB. Wachitatu, Shared Memory, ndi ngongole chabe: ndi gawo la RAM yako yomwe ija, pafupifupi theka lake, limene Windows yalola galafikisi kubwereka. Si memore yowonjezera.

Uli pomwepo, ona ngati pambali pa Display pali kamutu kena kolembedwa Render kapena Display 2. Kakakhalapo ndipo mkati mwake muli dzina la Nvidia GeForce kapena AMD Radeon RX, ndiye kuti laputopu ili ndi khadi lachiwiri ndipo nkhani yasintha. Pa purosesa ya i3-1215U sindikuyembekezera kuti ulipeza, koma ndi bwino kuona, chifukwa malaputopu a makhadi awiri nthawi zina amatsegula gemu ndi galafikisi yofookayo, yamphamvu ili chikhalire. Mankhwala ake ndi kulowa mu Settings, System, Display, Graphics, kusankha gemuyo pa mndandanda, ndi kuika pa High performance. Dziwanso kuti si khadi lililonse la Nvidia limene lingakwanitse. Makhadi ang'onoang'ono a dzina loyamba ndi MX, monga MX330, ambiri ali ndi 2GB ndipo ali pansi pa mlingo wa gemuyi.

Tinene kuti wapeza Intel UHD Graphics yokha. Kodi pali chimene chingayesedwe? Chilipo, koma ndikuuziretu malire ake. Zimene nditchulezi zingathe kuchotsa sikirini yakuda ija, gemu n'kuyamba kutseguka. Sizingaupatse mpirawo liwiro loti usewere ndi anzako pa intaneti. Uzipatse madzulo amodzi okha, ndipo zambiri mwa izo sizifuna kutsegula gemu, ndiye sizikudyera maola awiri aja.

Yamba ndi dalaiva wa galafikisi, yemwe ndi pulogalamu yolumikiza Windows ndi chipangizocho. Laputopu yatsopano m'shopu si yatsopano kufakitale. Imatha kukhala m'bokosi chaka chathunthu kapena kuposa, ndipo dalaiva amene anaikamo amakhala wakale kuposa gemu. Lowa mu Settings, Windows Update, ulole zonse zilowe, uyambitsenso makina, ubwerenso uone ngati kwatsala zina. Kenako pita pa tsamba la intaneti la kampani imene inapanga laputopuyo, ulembe nambala ya mtundu wake yomwe ili kunsi kwa makina, utenge dalaiva wa galafikisi. Akakhala kuti nayenso ndi wakale, Intel ili ndi pulogalamu yake yaulere yotchedwa Intel Driver & Support Assistant, imene imafufuza yokha ndi kukupatsa watsopano. Usatenge madalaiva kwina kulikonse kupatula malo atatu amenewa.

Kachiwiri, popeza kudawuniloda kunatenga masiku awiri, mwina intaneti inkaduka pakati. Mu Steam, dina gemuyo ndi batani lakumanja la mbewa, sankha Properties, Installed Files, kenako Verify integrity of game files. Steam iyerekeza mafailo ako ndi ake, ndipo itenganso okhawo amene aonongeka, osati gemu yonse. Uonenso malo otsala pa SSD. Ya 256GB imaoneka ngati 238GB mu Windows, ndipo Windows ndi gemu zikatenga gawo lawo pamatsala pochepa. RAM ikadzaza, Windows imakankhira zina pa SSD, ndiye usalole kuti malo otsala achepere 20GB.

Kachitatu, poyesa gemu laputopu ikhale pa chaja, chifukwa pa batire imadzichepetsera mphamvu. Mu Settings, System, Power & battery, ika Power mode pa Best performance. Iikidwe patebulo, osati pabedi kapena pabulangete pamene timabowo ta mpweya timatsekeka. Tseka bulawuza yonse, chifukwa masamba ochepa chabe otseguka amatha kudya 1GB pa RAM imene ukuisowa kale.

Ikatsekekanso, pali njira yodziwira chimene chaigwetsa. Dina Windows ndi R kachiwiri, ulembe:

```
perfmon /rel
```

Patseguka tchati cha masiku, ndipo tsiku lililonse limene pulogalamu inagwa pali kachizindikiro kofiira. Dina ka lero, usankhe mzere wa gemuyo, udine View technical details, uone dzina limene lili pa Fault Module Name. Likayamba ndi zilembo za `igd`, ndiye kuti yagwera mwa dalaiva wa galafikisi ya Intel, ndipo ngati unali utaika kale watsopano, apo nkhani yatha, galafikisi yalephera katundu. Pakatuluka uthenga wodandaula za `VCRUNTIME140.dll` kapena `MSVCP140.dll`, limenelo ndi vuto laling'ono: tenga Microsoft Visual C++ Redistributable pa tsamba la Microsoft, uike ya x64 ndi ya x86 yomwe. Uthenga ukatchula Secure Boot, ndi pulogalamu ya EA yoletsa chinyengo imene ikudandaula. Lemba `msinfo32` m'kabokosi komwe kaja, uone ngati pa Secure Boot State palembedwa On. Pa laputopu yobwera ndi Windows 11 kuchokera kufakitale pamakhala On kale, ndiye ukapeza Off undiuze usanalowe mu BIOS.

Gemu ikavomera kufika mkati, thamangira ku zosintha za zithunzi usanayambitse mpira. Tsitsa Resolution ifike pa 1280x720, ika Rendering Quality pa Low, ndipo zimitsa Strand-Based Hair, yomwe imajambula tsitsi la osewera limodzilimodzi. Sewera theka limodzi la mpira ndi kompyuta, uone ndi maso ako. Ndikuyembekezera kuti kamera ikamatsatira mpira wautali zithunzi ziziduka. Ukaona choncho, tseka, upemphe ndalama zako nthawi ikadalipo.

Pali malangizo ena amene ukumana nawo ukamafufuza pa intaneti, ndipo ndikufuna uwadziwiretu. Ena amati ulowe mu `regedit` upange chinthu chotchedwa `DedicatedSegmentSize` kuti 128 MB ija ikwere. Nambala imasinthadi, koma ndi nambala yokha. Memore ndi yomwe ija, liwiro ndi lomwe lija, wangonamiza gemu kuti itseguke n'kukagwera patsogolo. Ena amakulozera mapulogalamu olonjeza kufulumizitsa magemu kapena kukonza madalaiva onse ndi batani limodzi. Abwinoko mwa iwo sachita kanthu, oipawo amabweretsa zotsatsa malonda ndi mavairasi. Masamba opereka mafailo a `.dll` limodzilimodzi uwapewe. Ndipo mnzako wina akakuuza kuti gemu ya pa Steam ndi yolemera, utenge yoswedwa yaulere, usamvere. Gemu yoswedwa imafuna galafikisi yomweyo, ndipo malangizo ake oyamba amakhala akuti uzimitse Windows Security. Laputopu imene ukulowera ku banki, yomwe muli zithunzi za pasipoti ndi mapepala ako a ntchito, si yoizimitsira chitetezo chifukwa cha mpira.

Funso lotsatira limakhala lakuti, bwanji tingoikamo khadi lina? Pa kompyuta ya patebulo zimatheka, pa laputopu iyi ayi. Galafikisi ili mkati mwa purosesa, ndipo purosesa anaiwotcherera pa bolodi. Ziliko zotengera za khadi lakunja zolumikiza pa doko la Thunderbolt, koma malaputopu otchipa kawirikawiri sakhala ndi dokoli, ndipo chotengera pamodzi ndi khadi mtengo wake umafika kapena kupitirira wa laputopu yako yonse. Wokonza makompyuta akakuuza kuti akusinthira galafikisi pa makina amenewa, usamusiyire.

Chokhacho chimene chimasinthika n'kuthandizadi ndi RAM. Dina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, upite pa Performance, kenako Memory, uone m'munsi pa Slots used. Pakalembedwa 1 of 2, nthawi zambiri ndiye kuti pali malo opanda kanthu, ngakhale kuti ndi bwino kutsimikiza ndi buku la laputopuyo chifukwa ena amawotcherera RAM pa bolodi. Ukaonjezera RAM ina ya 8GB ya mtundu ndi liwiro lofanana, uli ndi 16GB, ndipo popeza ziwirizo zimagwira ntchito mbali ndi mbali, liwiro lija limachoka pa 25.6 kufika pa 51.2. Kusintha kumeneku kumaoneka ndithu pa galafikisi ya mkati mwa purosesa, ndipo laputopu yonse imapepuka. Komabe 51.2 sinafike ndi theka lomwe la 112, ndipo mphamvu yojambulira siisintha. Ndiye RAM ugule ngati waganiza zosunga laputopuyi kuti uziphunzirira ndi kuseweretsa magemu opepuka. Usagule poyembekezera kuti FC 25 iyamba kuyenda bwino, ndipo usatsegule makina ngati maganizo obweza akadalipo.

Tibwere ku shopu. Ku South Africa kuli lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, ndipo zigawo zake ziwiri zikukukhudza mosiyana. Gawo 56 limapereka miyezi isanu ndi umodzi yobwezera katundu wokhala ndi chilema. Limeneli silikuthandiza pano, chifukwa laputopu yolephera gemu yoposa mphamvu zake si yachilema, ndipo ukakalowa m'shopu ndi mawu akuti "yafa", aiyatsa pamaso pako, iyaka bwinobwino, n'kukubweza nayo. Chokuthandiza ndi gawo 20 likawerengedwa pamodzi ndi gawo 55. Likuti ngati wogula anauza wogulitsa ntchito yeniyeni imene akufunira katunduyo, ndipo katunduyo wapezeka kuti sangaigwire, angathe kumubweza pasanathe masiku 10 ogwira ntchito chilandirire. Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi cha boma sawerengedwa. Popeza unagula Loweruka, yamba kuwerenga Lolemba, ndipo tsiku lakhumi likhala Lachisanu la sabata yachiwiri ngati pakati palibe tchuthi. Usadikire tsiku lomaliza.

Mphamvu yako yagona pa mfundo yakuti unatchula dzina la gemu. Vuto ndi lakuti zinali zapakamwa, ndiye konzeka bwino. Tenga lisiti, chithunzi cha zenera la dxdiag lija, ndi chithunzi cha tsamba la gemuyo pa Steam pamene palembedwa System Requirements. Ngati unapita ndi mnzako tsiku logula, apitenso. Ukafika funsa woyang'anira shopu, unene modekha tsiku limene unagula, amene anakugulitsa, zimene unafunsa ndi zimene anayankha. Ine ndikanayamba ndi kupempha kusintha, kuti ubweze iyi uonjezere ndalama utenge ina, chifukwa mashopu amavomera msanga kusintha kusiyana ndi kubweza ndalama. Dziwa kuti lamulo limawalola kudulapo kandalama koyenera chifukwa katundu watsegulidwa ndi kugwiritsidwa ntchito, n'chifukwa chake bokosi ndi zonse za mkati zikhale zamphumphu. Akavomera, chotsa zinthu zako, utuluke mu Steam ndi mu akaunti zina zonse, kenako uchite Reset this PC ndi kusankha Remove everything. Akakana, pempha kuti akulembere kukanako, ndipo dandaulo ungakalipereke kwa Consumer Goods and Services Ombud, komwe wogula salipira kanthu.

Ukapeza mwayi wosintha, ulendo uno funso loyamba likhale la galafikisi. Pa pepala la laputopu payenera kulembedwa Nvidia GeForce RTX ndi nambala yake. RTX 3050 ikukwanira pa gemuyi, ndipo RTX 4050 ya 6GB ikupatsa mpata wa zaka zingapo kutsogolo. RAM ikhale 16GB, SSD ikhale 512GB kapena kuposa, chifukwa pa 256GB gemu imodzi yotere yatenga kale pafupifupi theka. Purosesa za malaputopu amenewa nthawi zambiri zimathera ndi H, HS kapena HX m'malo mwa U. Mitundu yake yotsika mtengo ndi monga Lenovo LOQ, HP Victus, Acer Nitro ndi ASUS TUF, koma usagule dzina, werenga nambala ya khadi pa makina enieniwo. Usakopekenso ndi mawu akuti Core i7, pakuti alipo malaputopu a i7 opyapyala, okwera mtengo, amene galafikisi yawo ndi ya mkati mwa purosesa ngati yakoyo. Usanalipire, pempha kuti ulembe dxdiag pa laputopu yachionetsero, ndipo wogulitsa akulembere pa invoisi kapena pa uthenga wa foni kuti ndi yoseweretsa FC 25. Uyembekezere kuti makina otere ndi olemera, fani yake imasokosa, ndipo batire silikhalitsa ngati la iyi.

Ngati ndalama yoonjezera palibe, kapena shopu yakanitsitsa, njira imene ine ndikuiona yanzeru ndi iyi: sunga laputopu, pakuti pa maphunziro ndi yabwino ndithu, bweza gemu ku Steam, ndipo mpira uziusewera pa makina a magemu olumikiza ku wailesi ya kanema. FC 25 inatulukanso pa PlayStation 4 ndi Xbox One, osati pa PlayStation 5 ndi Xbox Series pokha, ndipo makina akalewa amapezeka ogwiritsidwa kale ntchito pa mtengo wotsika kuposa kusiyana kwa laputopu yako ndi ya RTX. Kumbuka kuti gemu yogula pa Steam siisamukira kumeneko, uyenera kugula ina, komanso kusewera ndi anthu pa intaneti kumafuna kulipira PlayStation Plus kapena zofanana nazo za Xbox. Pobweza ku Steam, lowa pa help.steampowered.com, usankhe Purchases, udine gemuyo, usankhe I would like a refund, ndipo pa chifukwa unene kuti sikuyenda pa kompyuta yako. Ndalama ungasankhe kuti zibwerere ku khadi la banki kapena zikhale mu Steam Wallet. Ngati ukufuna kukagulira ya PlayStation, sankha khadi la banki, chifukwa za mu Wallet sizituluka mu Steam.

Zonsezi ndalemba poganiza kuti makinawo ali bwino. Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka nkhani imakhala ina. Laputopu ikamazima yonse mwadzidzidzi, osati gemu yokha, kapena ikamaonetsa uthenga wa Windows wakuti yakumana ndi vuto n'kudziyambitsanso pamene ukungolemba kapena kuonera kanema, kapena pa sikirini pakamatuluka mizere ndi timabokosi tamitundu gemu isanatsegulidwe n'komwe, kapena kunsi kukamatentha koma fani osamveka kuzungulira, chimenecho ndi chilema. Apo usayese kukonza wekha ndipo usapite kwa wokonza wa m'mbali mwa msewu, chifukwa akangotsegula, shopu ipeza pothawira. Jambula vutolo pa foni, upite nayo kumene unagula, ndipo pansi pa gawo 56 lija ndiwe amene umasankha pakati pa kukonzeredwa, kupatsidwa ina kapena kubwezeredwa ndalama.

Madzulo ano unditumizire zithunzi zitatu: cha Display mu dxdiag, cha Memory chosonyeza Slots used, ndi cha Play Time pa Steam. Ukakhala m'shopu n'kuona laputopu imene yakukopa, jambula kapepala kake unditumizire usanatulutse khadi la banki, ndikuyankha pompopompo.